Foni Yanga pa Maliro a Wilfred

Ndinali kusenda kachewere kuseri kwa nyumba ya apongozi anga ku Manjawira pamene foni inalira m'bulauzi. Beseni linali lisanafike ndi pakati pomwe. Anali Jessie, mng'ono wanga, amene ankadikirira mwana wanga Hannah kuchipatala ku Boma.

"Achemwali, matenda ayamba, koma mwana wagona mopingasa m'mimba. Akuti ndi za opareshoni. Sanagamule ngati apangira konkuno kapena amutumiza ku Lilongwe."

"Ndikubwera."

"Mubwera kuti? Mungafike kuno ife titapita. Khalani ndi foni pafupi, ndikuuzani kolowera."

Ndinatsala ndi mpeni m'manja. Hannah ndi woyamba wanga, ndipo iyi inali mimba yake yoyamba. Masiku ake anali asanakwane n'komwe.

Tsiku lomwelo tinali kuika mlamu wanga Wilfred. Kuika kwake kwa pa TV. Anamwalira ku Joni komwe anakhala zaka zambiri, ndipo mkazi wake wa komweko anakana kuti thupi libwere kumudzi. Amuna anga a Elson, amenenso amagwira ntchito konko, anati adzaimba foni ya vidiyo pa Watsapu kuti amayi awo, aNangozo, aone nkhope ya mwana wawo ndi kumutsanzika. Maso a aNangozo ndi ofooka, pafoni saona kanthu. Ndiye tinabwereka TV yaikulu kwa Bizwell, amene amaonetsa mpira pamsika. Anaiika pakhonde, anthu n'kudzaza bwalo lonse, azibambo pamipando, azimayi pamphasa.

Ndisanabweze foni m'bulauzi, Bizwell anatulukira.

"Amake Hannah, foni ija. A Elson ayamba kuimba posachedwa."

"Gwiritsani yanu."

"Tinayesa dzulo, munaona nokha. Yanga imakana kulumikiza ngati kalilole. Pano ndi yanu yokha imene TV ikuilola."

Ndikanamuuza chiyani? Za chikuta siziuzidwa mwamuna, komanso pamaliro. Ndinamupatsa.

Anaiimika patebulo pansi pa TV, kuitsamiza ku botolo. Anadina apa ndi apo, ndipo zonse za pafoni yanga zinatulukira pa TV: chithunzi cha Hannah atavala yunifolomu ya kwaya, batire ndi nthawi, zonse, kupatula mng'alu wa pagalasi lake. Kenako nkhope ya a Elson, suti yakuda, kumbuyo kwawo tenti ndi anthu osawadziwa. Azimayi anayamba kulira.

Ndinakhala kumapeto kwa mphasa, maso pamwamba pa TV pomwe mauthenga amatulukira.

M'busa wa kumeneko ali pakati pa pemphero, dzina la Jessie linatsika pamwamba pa TV, zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha golosale.

"Ndani ameneyo? Mudule!" anatero amalume ake a Wilfred, a Sungani.

Ndinadzuka, ndinatenga foni, ndikuti ndikalankhulire kukhitchini. Ndisanadutse nkhokwe ndinamva bwalo lonse likufuula. Chithunzi chinali chitauma, m'busa ali kukamwa yasa.

Bizwell anandithamangira. "Mayi, musapite nayo kutali! TV ija ilibe chake. Ikungotengera zomwe zili pagalasi la foni yanu. Mukatalikira imaduka. Mukayankha Jessie, a Elson aduka. Mukatsegula uthenga, mudzi wonse uwerenga nanu."

"Ndiye foni yangayi yamangidwa?"

"Pa njira iyi, eya."

"Pali ina?"

Anandiyang'ana kumaso, ndipo ndikuganiza kuti anaona kuti si za chibwana.

"Pali kukasita. Pamenepo foni imangoiuza TV kuti katenge vidiyo yakuti pa intaneti, TV n'kumakoka yokha. Foni imamasuka, ngakhale muizimitse. Koma foni ya Watsapu siikasitika. Pafunika maliro akhale akuulutsidwa pa Yutubu kapena kwina kotero. Ndipo TV ikhale ndi intaneti yakeyake."

Jessie anali atasiya kuimba. Ndinabweza foni patebulo, Bizwell n'kulumikizanso, ndipo ndinawerama pafupi n'kufunsa amuna anga pamaso pa anthu onse ngati pali amene akuulutsa. Anati eya, a kampani ya maliro aimika kamera, achibale a mkazi uja akuonera komweko. Ndinati atumize adiresi ya vidiyoyo kwa Bizwell. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anatumiza.

Bizwell anakwera njinga kukatenga kabokosi kake ka intaneti kushopu. Ine ndinakhala. Nyimbo zinaimbidwa za chinenero chomwe sitimva. Mtsogoleri wa azimayi ophika, a Janeti, anabwera kudzandinong'oneza kuti kachewere akudikira ine, mafuta atentha kale. Ndinati ndikubwera. Jessie anaimbanso. Ndinadula ndi chala changa, anthu akuona.

Bizwell atabwera anaika kabokosi pawindo, kulumikiza TV ndi foni yake ku kabokosiko, n'kudina kachizindikiro ka pakona pa vidiyo. TV inada pang'ono, kenako tenti yonse inaoneka, yoyera bwino kuposa poyamba, bokosi lili pakati. Iye anaika foni yake m'thumba, chithunzi osasuntha.

"Mwaona? Tengani yanu."

Ndinathawira kuseri kwa bafa. Jessie sanayankhe. Ndinaimbanso, osayankha. Ndinalemba kuti ndili pano, ndiuze. Timizere tiwiri tinaoneka, koma sanawerenge. Ndinaima pamenepo, fungo la sopo ndi matope, foni m'manja, yomasuka, yopanda ntchito. Komabe inali m'manja mwanga. Ndinaganiza kuti akangoyankha ndivula chitenje chamaliro, ndikaime pamsewu, minibasi yoyamba ndikwere, olankhula alankhule.

Ndipamene ndinamva mawu a apongozi.

Kumanda anali atatsegula bokosi kuti anthu aone nkhope. Kamera ya kampani inali patali, pamtengo wake, ikuonetsa misana ya anthu ali pamzere. ANangozo anali ataimirira, atagwira m'mphepete mwa TV.

"Elson! Elson, sendera ndimuone! Iwe Elson, sukundimva?"

Pa TV a Elson anali ataima chapambali, akuyang'ana foni yawo. Nthawi yomweyo yanga inayamba kunjenjemera. Anali iwo.

"Bwanji sakundiyankha?" anafunsa aNangozo.

"Agogo, apa tikungoonera," anatero Bizwell. "Iwo sakutiona, sakutimva. Ndipo zomwe tikuonazi zachitika kale pang'ono, zimafika mochedwerapo."

"Ndiye ndikulankhula ndi khoma? Poyamba paja amandimva!"

"Paja inali foni ya amake Hannah. Mawu anu amalowera m'foni."

Bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Ndinali nditaima pakona ya nyumba, foni ikunjenjemera m'dzanja.

"Mtengwa," anatero a Sungani, "foni ndi yofunika kuposa maliro a mlamu wanu? Mukuimbirana ndi ndani kuseriko?"

Ndinayankha foni ya a Elson. Mawu awo anali otsika, othamanga. "Lufina, mwatani kodi? Ndawapempha adikire asatseke. Sadikira nthawi yaitali. Apatseni amayi."

"Bambo ake Hannah, kuno kulinso nkhani."

"Nkhani ina pambuyo. Akutseka bokosi."

Sindinganame, ndinaganiza zowapatsa apongozi foni yokha kukhutu, alankhule, TV ipitirize yokha. Koma iwo sankafuna kulankhula kokha. Ankafuna nkhope, ndipo nkhopeyo kamera ya kampani sinkaifikira. Inali pafoni ya a Elson, ndiye pafoni yanga, yaing'ono ngati bokosi la machesi kwa munthu wa maso otere. Mayi ameneyu anatumiza mwana ku Joni ali ndi ndevu zoyamba kumene. Ine ndinali ndi wanga pa bedi lachipatala. Tonse tinkafuna foni imodzi.

Ndinaipereka kwa Bizwell.

Anachotsa zokasita zija, kubwezera kalilole. Nkhope ya Wilfred inadzaza TV yonse, imvi m'mbali, kolala yoyera yomukulira. ANangozo sanalole kuti foni ikhale patebulo. Anaigwira ndi manja awiri pafupi ndi pakamwa, maso ali pa TV.

"Wilfred, ndine mayi ako. Wakalamba liti, mwana iwe? Unati ubwera mvula ikatha, udzandikonzere denga..."

Analankhula. Anamuuza za mbuzi, za mtengo wa mapichesi umene anabzala, za anzake amene anatsogola.

Pamenepo uthenga unatsika pamwamba pa chipumi cha Wilfred.

*Jessie: Wabadwa wamkazi. Hannah sanatsitsimuke, akuti pakufunika magazi ndiye tiku...*

Unathera pomwepo. Unakhala kanthawi, n'kubwerera m'mwamba.

Aliyense wodziwa kuwerenga anawerenga. Azibambo anayang'ana pansi, ena nsapato zawo, a Sungani anavula chipewa n'kuchivalanso. A Janeti anandigwira mkono. Apongozi sadziwa kuwerenga, ndipo a Elson kumeneko sankaona za pagalasi langa. Awiriwo anapitiriza.

Ndiye tiku chiyani? Tikupita ku Lilongwe? Tikudikira? Tikufuna inu? Mawu otsalawo anali m'manja mwa apongozi, pansi pa zala zawo. Kuti ndiwaone ndinayenera kuchotsa nkhope ya mwana wawo pa TV, n'kuikapo nkhani ya mwana wanga, bwalo lonse liwerenge mpaka kumapeto.

Bokosi linatsekedwa. Ndinagwada pafupi nawo.

"Amayi, ndibwerekeni pang'ono. Bizwell abwezera njira ina ija, muona bwinobwino."

"Ija ya khoma?" Anaikokera pachifuwa. "Anandimana thupi. Inunso mundilande? Ndimuperekeza mpaka dothi lithe. Elson, usadule."

"Sindidula, amayi."

Ndinayang'ana a Janeti. Anapukusa mutu pang'ono, kuti osati pano. Bizwell anandiyandikira n'kunong'ona kuti ndimupatse nambala ya Jessie aimbe pa yake. Nambala ili m'foni. Ndani amaloweza nambala masiku ano? Anati batire yatsala pang'ono, kalilole amadya moto, mwina izima yokha. Kenako anaona nkhope ya a Sungani, n'kupita kukatenga chaja.

Kumanda anayamba kunyamula bokosi. Ulendo wake unkaoneka wautali, manda a kumeneko ndi aakulu ngati munda wa esiteti ya fodya, ndipo pambuyo pake panali nkhata, ndi mawu a akubanja, ndi fosholo.

"Tiyeni, anthu adya chiyani?" anatero a Janeti, mofatsa. "Manja akhale ndi chochita."

Ndinakoka beseni kuchoka kuseri, ndinaliika pambali pa khonde pomwe ndimatha kuona m'mphepete mwa TV, cham'mwamba. Madzi anali atada, kachewere wosenda uja atayamba kufiira. Ndinatenga mpeni. Wosasenda anali wambiri kuposa wosenda.