Pulofesa Akhale Pamwamba

Anthu ankawatchulabe a Dalaivala ngakhale chiwongolero anachisiya kalekale maso atayamba kuchita nkhungu. Moyo wawo wonse anayendetsa mabwana, ndipo chimene anatolako n'chimodzi: munthu wamkulu saiwala. Iwo ntchito yabwino inawathera chifukwa chotsegulira chitseko wachiwiri kwa bwana, bwanayo ali chiimire padzuwa. Palibe anawakalipira. Mwezi utatha anangouzidwa kuti galimoto yapeza wina.

Mzime wawo, namwino, anali atamaliza thesisi, buku la kafukufuku limene munthu amapereka kuti apatsidwe digiri. Chinatsala n'kusindikiza, kumata chikuto, n'kukalisiya ku laibulale ya koleji kuti alione asanalilandire. Lachisanu linali tsiku lotseka. Wophonya tsikulo ankadikira chaka chamawa, ndipo udindo umene kuchipatala anamulonjeza mzimeyo sukanamudikira. Poti sabata imeneyo anali pa ntchito, anawapatsa bambo ake fulashi, kachipangizo ka pa kompyuta komwe anasungapo bukulo.

“Mukangowauza kuti asindikize ndi kumata, ababa. Basi. Chilichonse chili m'malo mwake.”

Ku shopu yosindikizira, makina akulavula mapepala, a Dalaivala anatola masamba akumapeto, aja a mndandanda wa mabuku amene mwana anawerenga. Anaunyadira utali wake. Kenaka anayamba kusaka dzina limene ankalidziwa bwino, la pulofesa amene ankayang'anira mwanayo. Tsamba loyamba panalibe. Lachiwiri panalibe. Analipeza kumchira kwenikweni, poti linkayamba ndi W, lili lokhalokha ngati la mkaidi: lopanda Pulofesa, lopanda Dokotala, maina oyamba atawadula n'kusiya zilembo ziwiri. Linalembedwa kawiri, chaka chimodzimodzi, kwina kuli ka a, kwina ka b.

Mwana uyu akufuna kudzipha yekha! Munthu wogwira cholembera chokhozetsa ndi cholepheretsa, n'kumuika pansi pa azungu osadziwika amene mwina anafa kale?

“Achimwene,” anaitana wotayipa, bambo wa mimba yake amene ankatafuna chotokosera m'mano. “Dzina ili likwere pamwamba. Mulembe Pulofesa Dokotala, ndi maina onse. Ndikuuzani ine.”

“Madala, eni ake anatero?”

“Eni ake ndinabereka ndine. Ndipo tizilembo iti, a ndi b, n'tachiyani? Munthu wamkulu amamuika manambala ngati nyumba za lendi? Chotsani.”

Wotayipa anakweza mapewa. Anafufuta mizere ija kumunsi n'kuitayipanso pamwamba m'mene iye ankadziwira, chaka n'kuchikankhira kumapeto. A Dalaivala anakwezetsanso madokotala ena awiri a pakolejipo kuti atsatire mkulu wawo monga mwa maudindo. Wotayipa anasunga zonsezo pa fulashi pomwepo, pamwamba pa zakale. Mabuku atatu anatuluka, chikuto chakuda, zilembo zagolide. Mzime atafika kunyumba anasisita chikutocho, natsegula tsamba loyamba, maso ali lende ndi tulo. Kumapeto sanafikeko. A Dalaivala sanamuuze zimene anasinthitsa. Zabwino zochitira mwana salengeza.

Lachisanu anamuperekeza, atavala jekete. Ofesi yolandirira mathesisi ku laibulale inali kachipinda kuseri kwa mashelefu, fani ikulira, mathesisi ataunjikana mpaka pawindo. Munali mayi wa magalasi okhala ndi chingwe, rula ndi pensulo zili m'manja. Mayiyo sanayambe n'kutsogolo komwe kuli nzeru. Anatembenuza buku n'kuyambira kumbuyo, monga amachitira anthu ofuna chifukwa. Anaika rula pansi pa mzere woyamba, ndipo rulayo sinasunthe.

“Asisi, mwatsata kalembedwe kati?”

“APA,” anatero mzime.

“APA yake iti yoyamba ndi W?”

Mzime anasuzumira.

“Mndandanda umayenda ndi alifabeti, potsata dzina la bambo la wolemba,” mayiyo anapitiriza, pensulo ikugogoda. “Maudindo salowa muno. Dzina, mpatuliro, zilembo zoyamba za maina enawo, chaka m'mabulaketi, mpumiro, kenaka mutu. Apa chaka chathawira kumapeto, pamene enawa chili pamalo pake. Mitundu iwiri m'buku limodzi. Ndiye taonani.” Anatsegula m'kati momwe munali dzina la pulofesa. “Umu mwalemba 2019a, apa 2019b. Kumbuyo kuno kuli 2019 ziwiri zopanda chilembo. Wowerenga adziwa bwanji kuti mawu awa achokera mu iti? Sindingasaine.”

Mpamene a Dalaivala anaimirira. Nkhani zotere ankazidziwa. Munthu wa pa desiki akayamba kuwerenga timadontho, ndiye kuti akufuna kanthu.

“Mayi, tisazungulirane. Mwana wanga wagona m'mawodi zaka zonsezi, wafunsa odwala, walemba buku lonenepa chonchi. Inu simunawerengeko ngakhale tsamba limodzi. Mwathamangira kumchira kukasaka nsabwe. Ngati ndi za fanta, nenani!”

“Ababa!”

“Ndisiye! Kadontho kanachiritsapo ndani? Anthu akufa kuchipatala uko, inu muli pano ndi rula ngati telala!”

Mayiyo anavula magalasi n'kuwasiya alende pachifuwa. “Bambo, fanta ndimagula ndekha. Zam'katizo anaona kale oyesa mayeso, si ntchito yanga. Yanga ndi yoti munthu akafuna buku limene mwana wanu watchula, alipeze. Ndikalola ili, lija ndinabweza dzulo ndikalitani? Komanso ndikufuna ndidziwe, anakweza dzinali ndani? Chifukwa amene analemba mndandanda wonsewu amaudziwa malamulo. Apa papita dzanja lina.”

“Dzanja langa!” a Dalaivala anadziguguda pachifuwa. “Ndine. Ndipo ndikhoza kubwerezanso. Inu ophunzira ulemu munausiya kuti? Pulofesa akatsegula n'kudzipeza ali pansi pa aliyense, wopanda udindo, mukuganiza kuti aseka? Adzamwetulira, inde. Kenaka mwana wanga adzamva kuti fayilo yasowa. Ine anthu amenewa ndawanyamula pamsana, ndikuwadziwa!”

Mzime anatembenuka pang'onopang'ono. Sanakuwe, ndipo n'zimene zinawawawa kwambiri.

“Ndinakutumani chiyani, ababa?”

“Ndimakuteteza, iwe.”

“Ndinati chiyani? Pulofesayo ndi amene anandiphunzitsa kulemba chonchi. Iwo omwe, m'mabuku mwawo, amadziika kumunsi komweko. Mndandanda umenewu ndinaukonza ndikuchokera ku ntchito, miyendo itatupa, mzere umodziumodzi. Inu n'kukaupereka kwa munthu wotayipa makalata a maliro kuti auphwasule? Simukanandifunsa? Foni muli nayo!”

“Ukanakana.”

“Eya, ndikanakana!”

Kunja kwa chitseko ophunzira ena amene ankadikira anali atatchera makutu. A Dalaivala anamva manyazi akusanduka ukali, koma ukaliwo unasowa pogwera.

Mayi uja anabwezera magalasi. “Mukanganirane kunyumba. Fulashi muli nayo?”

Ataitsegula pa kompyuta, anapeza zomwezo: pulofesa ali pamwamba ndi maudindo ake onse. Zakale zinafufutika. Mzime anafufuza mu foni napeza kope limene anatumizira pulofesa mwezi wathawo, asanakonze komaliza.

“Khalani apo,” mayiyo analoza kompyuta ya pakona. “Musindikize masamba a mndandanda okhawo, osamata. Ndikawaona n'kukhutira, ndisaina, zomata mubweretsa Lolemba. Koma ndikatseka chitseko ichi madzulo, ndatseka.”

Anayamba. Mayiyo ankatsitsa rula mzere ndi mzere, mzime akukonza. Kope lakalelo linali ndi zilema zakezake. Pena mpumiro unasowa pambuyo pa mabulaketi. Pena dzina la magazini ya kafukufuku linali loongoka pamene anzake onse ndi opendekeka. Wolemba wina anali ndi mabuku awiri, latsopano lili pamwamba pa lakale.

“Lakale liyambe,” anatero mayiyo. “Ndipo apa, limene analemba yekha litsogole, la ndi anzake litsatire.”

“Mwaona!” a Dalaivala analumpha. “Zimenezonso ndine? Nayenso analakwitsa!”

“Ababa, tulukani.”

“Ukundithamangitsa ine?”

“Tulukani. Chonde.”

Anakakhala pa benchi ya m'khonde, mabuku atatu akuda ali pamiyendo. Njala inawapeza pomwepo koma sanasunthe. Kudzera pachitseko ankamva mawu a mayi uja osatopa: mpatuliro apa, mzere wachiwiri ulowe m'kati, uyu mwamutchula m'kati koma kuno kulibe, mupezeni. Ankamvanso mwana wawo akuyankha kuti “chabwino, mayi,” mofatsa, ulemu umene iwo lero sanaulandire.

Dzuwa litapendeka panadutsa bambo wa imvi, chikwama chili paphewa, ophunzira akumupatsa njira. Wina anamupatsa moni, namutchula dzina lija la W. A Dalaivala anadzuka msangamsanga, mabuku ali pachifuwa, chipewa m'manja.

“Bwana Pulofesa!”

Bamboyo anangokweza dzanja osatembenuka, monga amachitira kwa mlonda wa pageti, n'kukhota pakona. A Dalaivala anatsala chiimire. Ndi chifukwa cha ameneyu anayambana ndi mwana wawo! Anakhala pansi n'kutukwana chamumtima, osadziwa bwinobwino kuti akutukwana ndani.

Anamva chidindo chikugunda patebulo mawindo ena atayamba kale kutsekedwa. Mzime anatuluka ndi pepala losainidwa ndi masamba atsopano. A Dalaivala anaba ndi diso: pulofesa anali atabwerera kumchira, wopanda udindo, ka a ndi ka b tili pambali pa chaka.

“Wasaina?”

“Wasaina.”

“Chabwino. Koma akadzakusowetsera fayilo, usadzati sindinanene.” Anatambasula dzanja. “Bweretsa fulashiyo, ndikamatitse mawa. Ndikamuuze wamimba uja mawu awiri.”

Mzime anaiyang'ana fulashiyo, nayang'ana dzanja la bambo ake. Anaiponya m'thumba la yunifolomu n'kutseka batani.

“Ndipita ndekha. Inu nyamulani anuwo.”

Anatsogola. A Dalaivala anatsatira m'mbuyo ndi mabuku atatu opanda ntchito, olemera ngati njerwa. Pageti panali mgolo wa zinyalala. Anaima, naponyamo awiri. Lachitatu analipanira m'khwapa. Linali buku la mwana wawo, la zilembo zagolide, ndipo m'menemo munthu aliyense anakhala pampando womuyenera.