Uthenga Umene Ndinakana Kufufuta

Giza ya m'nyumba imene tinkachita lendi m'dera la Pompeya inayamba kuvuta m'mwezi wa Julayi, nthawi imene ku Buenos Aires kumazizira mpaka mafupa kuwawa. Inali giza ya gasi, ya pakhoma m'khitchini, imene kuno timaitcha calefón: ukatsegula mpopi wa madzi otentha imayaka yokha, ukatseka imazima. Koma yathuyi inayamba kuzima madzi akadali kutuluka. Ndiye taganizani, amuna anga a Crispín ali pampando wa pulasitiki m'bafa, sopo thupi lonse, munthu woti mbali yakumanja inafa ndi sitiroko, basi madzi aja n'kungozizira ngati a mufiriji. Kudzuka sakanatha, kutukwana sakanathanso, poti matendawo anawalanda mawu ambiri. Ndinkatukwana ndine m'malo mwawo, m'Chigwarani chathu cha ku Paraguay, chimene sichisowa mawu a ntchito imeneyo.

Eni nyumba anali a Don Amílcar Ferrante. Tinyumba tonse ta m'likole lathu tinali tawo, ndipo anali ndi lamulo limene palibe analilemba koma aliyense ankalidziwa: iwo salemberedwa. Denga likadontha, unkapita Loweruka ku shopu yawo ya matayala, n'kuwafunsa za bondo lawo, n'kuseka nthabwala zawo zowola zija, kenaka potsanzika n'kutchulako za dengalo ngati wangokumbukira. Ine ndinapita, ndi chipa wotentha m'kambale, tibuledi tathu ta chinangwa ndi tchizi. Anadya atatu, n'kundiuza kuti ife a ku Paraguay tinakulira kusamba kumtsinje, nanga kuzizira tinakudziwira kuti? Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinasekadi, chifukwa mgwirizano wathu wa lendi unkatha kumapeto kwa Ogasiti, ndipo nyumba yapansi yopanda masitepe, yoti njinga ya a Crispín ilowe, siipezeka wamba mumzinda uno.

Anatitumizira mphwawo Lucho, woyendetsa takisi. Anafika ndi sikuludiraiva imodzi, anachotsa chivundikiro, n'kunena kuti vuto ndi kachitsulo kena kapamwamba, pafupi ndi chumuni, kamene kamazimitsa giza pachabe. Anazula timawaya take tiwiri n'kutilumikiza tokhatokha, anakulunga tepi, n'kuti tsopano siizimanso ngakhale nditsegule tsiku lonse. Apo pokha ananena zoona.

Masana ena ndikuwasambitsa a Crispín, mawindo onse otseka chifukwa cha chisanu, mutu unayamba kundiwawa ngati wina akuumanga ndi waya. Ndinkati mwina ndi njala. Nditayang'ana a Crispín, mutu wawo unali utagwera pachifuwa, maso akutsekeka. Ndinawagwedeza, sanandiyankhe. Mmene ndinawakokera panja ndi mpando womwewo sindidziwa, ndimangokumbukira ndikukuwa m'likole, ndi Doña Pocha woyandikana nafe akuthamanga ndi bulangete.

Kuchipatala anatiika tonse awiri pa okosijeni. Adokotala anandifunsa kuti lawi la giza ndi lamtundu wanji. Ndinati lachikasu, ndipo khoma pamwamba pake lada ndi mwaye. Anati lawi labwino limakhala labuluu. Anati utsi umene unayenera kutulukira kuchumuni unkabwerera m'nyumba, utsi wosanunkha, wosaoneka, ndipo kachitsulo kaja kankazimitsa giza kuti katipulumutse. Ndinalira, osati ndi mantha, koma ndi ukali. Ndinali nditamupatsa Lucho chipa wonyamula.

Titabwerera kunyumba ndinatseka kampopi ka gasi kopita kugiza, n'kutenga foni. Pocha anandigwira mkono. Anati ndisachite misala, ndidikire kaye asaine mgwirizano watsopano, pakadali pano ndiziwiritsa madzi m'mapoto. Anati zolembedwa ndi umboni, ndipo munthu amene wawapatsa umboni a Don Amílcar samukhululukira. Ndinamufunsa ngati ananyamulapo poto wa madzi owira, dzanja lina atagwira mwamuna wosatha kukhala yekha.

Ine sukulu ya Chisipanishi sindinapite nayo patali, moti polemba ndimachedwa. Ndinayamba ndi kupepesa powavutitsa, ndinafufuta. Ndinalemba zowathokoza pa zaka zonsezi, ndinafufutanso. Zothokoza chiyani? Chimene chinatsala ndi ichi:

"A Don Amílcar, giza yaonongeka. Lawi ndi lachikasu ndipo utsi ukubwerera m'nyumba. Lucho anachotsa chotetezera, ife tinagonekedwa kuchipatala. Chonde tumizani mmisiri wa gasi wa laisensi adzaikonze. Zunilda Ocampos, nyumba yakumapeto."

Ndinadina potumizira. Pocha anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kupita kwawo.

A Don Amílcar sanalembe yankho ayi, anthu ochenjera salemba. Anatumiza uthenga wamawu, wokoma ngati uchi: akuti mayi Zunilda, ife ndi banja limodzi, zoterezi timakambirana pamaso, abwera mawa masana.

Anabweradi, atavala jekete lawo lachikopa. M'likole anadutsa a Crispín, amene ndinali nditawakhazika panja panjinga yawo, mabulangete awiri, chipewa mpaka m'makutu. Anawasisita paphewa n'kulowa m'khitchini. Sanayang'ane n'komwe giza. Anakhala patebulo n'kuyamba: akuti giza ili bwinobwino, Lucho waiona, madokotala amakonda kuopseza anthu, mwina tinadya china chake. Akuti iwo anali atakonza kale zotisainira zaka zina, koma munthu wolemba zinthu ngati loya amawapweteka mtima. Kenaka anatsitsa mawu.

"Mungofufuta kauthengako, kwanu ndi kwanga komwe, ine ndikuona. Mawa tisaina."

Ndinayang'ana pawindo. A Crispín anali phee, akuyang'ana mtengo wa ndimu umene anabzala m'chitini asanadwale. Kunena zoona ndinaifuna nyumba imeneyo. Ndinkadziwa pamene njinga imakodwa, pamene dzuwa limafika m'mawa, ndinali nditakhomera ndekha chogwirira m'bafa. Chala changa chinafika mpaka pafoni. Koma kenaka anawonjeza kuti, ndiponsotu madzi otentha alipo, ndikungofuna kudandaula.

Apo ndiye magazi anandikwera kumutu. Ndinati chabwino, tiyambe tamwa tiyi wathu wa masamba owawa, amene kuno amamutcha mate, womwera chikho chimodzi mopatsirana. Kuno mlendo sakana tiyi ameneyu m'nyumba ya munthu, ndi chipongwe, ndipo a Don Amílcar ankadzitama kuti ndi munthu wa mwambo. Ndinathira masamba m'chikho, ndinaika kapaipi kake koyamwira, ndinathira madzi a m'fulasiki. Kenaka ndinadzuka, ndinatseka windo, ndinatseka chitseko, n'kuika chiguduli pansi pake monga timachitira kukazizira. Ndinatsegula kampopi ka gasi, ndinayatsa kalawi kakang'ono koyambitsira giza, n'kutsegula mpopi wa madzi otentha pasinki mpaka kumapeto. Giza inati bu! Lawi lija linaoneka pakabowo, lachikasu, likuvina mwaulesi ngati la kandulo.

Ndinamwa chikho choyamba monga mwa mwambo, ndinathiranso, n'kuwapatsira.

"Poti ili bwinobwino, tikhale pompano ine ndi inu mpaka fulasiki ithe. Ikatha, ndifufuta."

Anaseka, n'kunena kuti akazi a ku Paraguay ndi ouma mutu. Analandira chikho, anayamwa. Madzi ankangothira musinki, nthunzi ikukwera. Ndinawafunsa za bondo lawo. Anayankha kuti likuwawabe, koma maso ali pagiza. Ndinawafunsa za adzukulu. Anabweza chikho osamaliza bwino, anamasula batani lapakhosi. Musaganize kuti ndinalibe mantha; ndinkadziwa chimene chinali kudzaza m'chipindacho, ndipo ndinali nditamuuza Pocha kuti aime pafupi, akaona tachedwa aswe windo. Sizinali zanzeru, ndipo sindingauze munthu wina kuti achite zimenezo. Koma ndinathiranso madzi, n'kuwapatsiranso chikho.

Kenaka a Don Amílcar anatembenukira pawindo, anaona a Crispín panja pachisanu chija, m'mabulangete. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anazindikira chifukwa chake ndinawatulutsa.

Anadzuka mpando mpaka kugwa. Anatseka gasi ndi dzanja lawo, anakankha windo, anakankha chiguduli ndi phazi n'kutulukira m'likole, akupuma ngati athamangitsidwa ndi galu. Pocha anali pomwepo ndi tsache, kusesa malo oyera kale. Azimayi a nyumba zina nawo anali pamakomo.

"Mayi inu ndinu wamisala! Mukufuna kundipha?"

"Ndi giza yanutu, bwana. Mwati ili bwinobwino."

Wina anaseka kuseri kwa chitseko. A Don Amílcar anakonza jekete, anandiloza chala, n'kunena kuti mmisiri abwera, koma pakutha pa Ogasiti akufuna makiyi awo. Ndinati ndamva. Ndinawakumbutsanso kuti chikho chawo sanamalize.

Mmisiri wa laisensi anabwera sabata yomweyo. M'chumuni anatulutsamo chisa cha nkhunda, zitosi ndi tizinyalala, anatsuka zoyatsira moto, anaika kachitsulo katsopano, n'kutsegulanso kabowo kolowera mpweya kamene munthu wina anamata ndi pulasitala kalekale. Potuluka, Pocha anamuitanira kwawo kuti angoonako yake. Kenaka nyumba inayo, kenaka inayonso. Ndinamva kuti madzulo ake foni ya a Don Amílcar inalandira timauthenga tina tifupitifupi, tolembedwa. Iwowo sanathamangitsidwe, poti sungathamangitse likole lonse. Anathamangitsidwa ndi amene anayamba.

Tinapeza chipinda kwa msuweni wanga ku Laferrere, kutali ndi chipatala, chokhala ndi masitepe pakhomo oti a Crispín azichita kunyamulidwa. Sindinamize munthu kuti zinatikomera. Ndinalira ndikuzula chogwirira changa m'bafa.

Tsiku lomaliza, makatoni atamangidwa kale, ndinasiya panja thaulo limodzi ndi sopo. Ndinawakhazika a Crispín pampando wawo wa pulasitiki, n'kupita kukasuzumira pakabowo ka giza. Lawi linali labuluu, laima njo. Ndinawasambitsa osathamanga, msana, m'khwapa, phazi lakufa lija, madzi otentha akutsika osadukiza. Galimoto yonyamula katundu inaimba hutala panja. Lucho nayenso anali pakhomo, watumidwa kudzatenga makiyi, akugogoda.

Ndinatambasula dzanja kuti nditseke mpopi. A Crispín anandigwira ndi dzanja lawo lamoyo, anayang'ana kumene kunkachokera kugogodako, n'kulimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka.

"Adikire."

Ndinatenganso sopo, n'kuyambiranso kumutu.