Msomali wa a Dazi

Mpando wachiwiri m'shopu yometera ya Lumo unkangotola fumbi. Mpandowo unali wa mng'ono wake, ndipo Lumo anali atamuuza kale kuti zikapitirira chonchi akasake ntchito kwina. Mawuwo ankamuwawa yekha mwini wake.

Tsiku lina m'mawa Lumo anatulukira ndi hamala, misomali ndi mpukutu wa timakhadi, akuwala nkhope.

"Iwe, dzuka! Kasitomala aliyense timupatsa nambala yake ndi makhadi olembedwa nambalayo, azikagawira anzake. Mlendo akabwera ndi khadi, timuchotserako mtengo. Akameta n'kulipira, khadilo tilikoloweka pa msomali wa amene wamutuma. Akakwana atatu, mwini msomali ameta ulere!"

"Nanga wakale akanamizira kukhala mlendo, achimwene?"

"Pali mutu umene ndinaugwirapo n'kuuiwala ine?"

Khoma linadzaza misomali, uliwonse ndi nambala yake. Eee, anthu ndi zaulere! Aliyense akalowa ankayamba wasuzumira msomali wake, kenako wa mnzake, mkangano n'kubuka. Makina a mng'ono uja anayambanso kulira.

Koma msomali wa nambala naini ndiwo unachita kuwerama ndi makhadi. Mwini wake anali a Dazi, oyendetsa takisi, omwe ankangobwera kudzachepetsa ndevu. Aliyense wokwera galimoto yawo ankatsika ndi khadi m'manja, afune asafune.

Loweruka shopu itadzaza, Lumo anaimitsa makina n'kulengeza mokweza kuti, "A Dazi, mwapambana! Kumeta tsitsi ulere kanayi!"

A Dazi anavula chipewa pang'onopang'ono. Mutu uli phuliphuli ngati poto wotsuka kumene. Anthu anafa nazo, wina mpaka kugwa pabenchi.

Lumo anaika makina pansi. Anachita mantha zenizeni: munthu amene wadzaza mpando wa mng'ono wake, wamuchititsa manyazi pagulu! Akakwiya, mawa okwera onse azikatsikira kwa ometa a kutsidya kwa msewu.

"Pepani madala, sindinaganize. Tisinthe, ikhale ndevu..."

"Ndevu ndimalipira ndekha," anatero a Dazi. "Mphotoyi ndi yanga, eti? Ndingapatse amene ndamufuna?"

"Kuyambira lero, lamulo ndi lomwelo!"

"Zitatu ndipatsa ana a mlongo wanga. Yachinayi, khala apa iweyo."

Anamugwira paphewa n'kumukankhira pampando wachiwiri. Lumo anadziona pagalasi: tsitsi nyankhalala, losapesa, la munthu amene nkhawa yamudya kwa nthawi yaitali.

"Wometa wanji wooneka chonchi? Ukutiipitsira malonda. Ine ndimauza anthu kuti kuno kuli akatswiri awiri."

Mng'ono wake anakutumula nsalu n'kumumanga m'khosi, akuseka.

"Timete bwanji, bwana? Fulumirani, pali mzere."

Lumo anayang'ana benchi kudzera pagalasi. Anthu ali thithithi, ena atagwira makhadi, akudikira mpando womwewo.

"Meta mmene ukufunira," anatero. "Mpandowu ndi wako."