Chilembo Chimodzi pa Pasipoti

Mwayi wokaphunzira uzamba kunja unandipeza nditagwira ntchito ya unamwino zaka zisanu ndi zinayi. Koma ku ofesi ya viza mapepala anga anawabweza tsiku lomwelo. Pa satifiketi yanga ya kubadwa, dzina la bambo linali ndi L pakati. Pa pasipoti panali R.

"Kwa ife awa ndi anthu awiri," anatero wapazenera. "Sitingapereke viza tisanatsimikize kuti ndinu mmodzi."

Ndinaseka, poganiza kuti akuchita nthabwala. Kwathu L ndi R timangozisinthanitsa, palibe amene anakwiyapo. Iye sanaseke.

Achimwene anga, omwe amayendetsa lole, anati nkhaniyo ndi yaing'ono. "Bweretsa satifiketiyo. Kamwendo kamodzi ka bolopeni, L wasanduka R."

"Mukufuna andimange, achimwene?"

"Ndiye upite wekha ukaime pamzere mpaka imvi."

Ndinapitadi, Lolemba m'mawa, ku ofesi ya mapasipoti. Ananditumiza kuchipinda cha kumapeto, chokhala ndi fani yosazungulira ndi makabati achitsulo atatu. M'menemo munali kalaliki wachikulire amene anzake ankamutchula kuti Mayi Rula, chifukwa powerenga ankayendetsa rula pansi pa mzere uliwonse. Ndinayamba kulongosola mothamanga, mawu akupunthana.

"Khalani pansi, mwanangu. Pumani kaye. Mwabwera ndi mapepala ati?"

Ndinakhuthula envulopu yonse. Iwo anawayala pa tebulo motsata zaka: satifiketi ya kubadwa, masatifiketi a sukulu, ya unamwino, chitupa cha unzika, kenako pasipoti. Rula inatsika pepala ndi pepala.

"L, L, L, L. R ali yekha. Ndiye wolakwa tamupeza. Anthu ambiri amathamangira kukasintha satifiketi ya kubadwa, osadziwa kuti ndiyo muzu. Ikanakhala kuti yolakwika ndi imeneyo, ndikanakutumizani kwa olembetsa kubadwa, ndi umboni wa kuchipatala kapena wa sukulu, akakonze m'kaundula wawo, kenako n'kubwera kuno. Koma inu vuto lili kwathu kuno."

Anadzuka n'kutuluka. Patapita mphindi makumi awiri anabwerera ndi fomu imene ndinapemphera pasipoti zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Sindikudziwa kuti anaifukula bwanji. Ndinazindikira zilembo zake nthawi yomweyo: anandilembera ndi achimwene, ine ndili pa ntchito, ndipo ndinangosaina osawerenga. R wake anali wamkulu, wonyada.

"Ifenso tinayenera kuona pofananitsa ndi satifiketi," anatero mayiwo. "Sitinaone. Tsono mverani. Pasipoti sitifufuta, timapereka ina. Mupite kwa loya kapena kwa majisitireti mukalumbire kalata yonena kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi, ndipo lolondola ndi la L. Aikepo chidindo. Mubwere nayo pamodzi ndi satifiketi yeniyeni, osati fotokope yokha, chitupa, zithunzi ndi pasipoti yakaleyi. Fomu yatsopano mulembe nokha."

Ndinayamba kulongedza, koma anagwira pepala limodzi ndi chala. Inali kalata yondiitana ku sukulu ya kunja, imene anaiika pambali poyala mapepala aja.

"Iyi mwaiwerenga? Akulemberani ndi R, chifukwa anakopera pa pasipoti. Tikakonza kuno, mudzakabwezedwanso pa zenera lomwe lija, ulendo uno chifukwa cha kalatayi. Alembereni lero, muwachenjeze. Pasipoti ikatuluka muwatumizire tsamba lake, akupatseni kalata ina. Tikiti ya ndege mwagula?"

"Ayi, mayi."

"Musagule. Dzina la pa tikiti liyenera kufanana ndi la pa pasipoti, chilembo ndi chilembo."

Zonsezi anandilembera pa kapepala, ndi manambala, kuti ndisasokoneze. Panja panali anthu ena asanu ndi awiri akudikira, aliyense ndi envulopu yake, koma sanandithamangitse ngakhale pang'ono.

Kwa loya sindinakhalitseko. Ndinawerenga kalatayo katatu ndisanakweze dzanja kulumbira, mpaka loyayo anafunsa ngati ndikufuna kuiloweza pamtima. Achimwene nditawauza za fomu ija, anakanda kumutu.

"Komatu R amamveka bwino," anatero. Komabe tsiku lokapereka mapepala anandiperekeza okha pa lole, n'kudikira panja osadandaula.

Pasipoti inatuluka patatha milungu itatu. Mayi aja sanandipatse m'manja msanga. Anaitsegula, n'kundiuza kuti nditchule zilembo za dzina langa mokweza, chimodzichimodzi, kenako tsiku lobadwa, iwo akutsatira pa satifiketi.

"Zili bwino. Kalata yolumbira ija musataye, pangakhale wina wodzafunsa za pasipoti yakale."

Ndinailandira ndi manja awiri. Ndinangoti, "Mayi, mwandithandiza."

"Mukaphunzire, mudzabwere mudzatithandize azimayi anzanu," anatero, akukodola wotsatira.

Sukulu inatumiza kalata yatsopano patatha masiku anayi. Viza inatuluka, ndipo ndinafika m'kalasi nditachedwa ndi sabata imodzi yokha.