Mpini si Mkono wa Malaya

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Tithokoze Mwini moyo amene watidzutsa, natipatsa maso owerengera ndi malilime osiyanasiyana omutamandira. Khalani pansi ndikuuzeni za Mayi Dolika Sakala ndi dengu lawo.

Mayi Sakala ankaphunzitsa Chifalansa pa sukulu ina ya atsikana ya mishoni, cha kunjira ya ku Kasenengwa. Loweruka ankawonjezera Chisipanishi, chimene anachiphunzira ali mtsikana pamene ankakhala ndi masisiteri a pamishonipo. Masisiteriwo anali ndi mwambo: chaka chilichonse ankatenga mtsikana mmodzi yekha kukamuphunzitsa unamwino ku chipatala chawo ku Cameroon, kumene odwala amalankhula Chifalansa ndipo masisiteri m'nyumba mwawo amalankhula Chisipanishi. Wopambana mayeso a zilankhulo ziwirizi ndiye ankapita, koma dzina lake silinkalandiridwa popanda mphunzitsi wochonga mayesowo kusaina.

Mayiwa sankalowa m'kalasi chimanjamanja. Ankasenza dengu, ndipo atsikana akawaona ankanong'onezana kuti, "Amsika afika." M'dengumo munali mpini wa khasu, mkono wa malaya akale a malemu amuna awo, kamtsuko koikamo maluwa, chitini cha matope a kudambo, mbatatesi, ndi chithunzi cha Apapa chimene anadula pa kalendala. Ankayala zonsezi patebulo n'kuitana mtsikana mmodzi.

"Ndipatse le manche."

Akatola mpini, kalasi inkaomba m'manja. Akatola mkono wa malaya, inkafa ndi phwete, pakuti mkonowo ndi la manche. Kamtsuko ndi le vase, matope ndi la vase. M'Chisipanishi, el papa ndi Apapa, la papa ndi mbatatesi.

"Azungu amati mawu ena ndi aamuna, ena ndi aakazi," ankatero mayiwo. "Musavutike kufunafuna ndevu pa mpini. Ingokumbukirani kuti kwathu kuno Mchewa ndi munthu, Chichewa ndi chilankhulo. Mutu wasintha, chinthu chasintha. Mawu awa muziwameza ndi mutu wawo womwe."

Chaka chimenecho atsikana awiri anatsogola. Christine Jere anali mwana wa a Mandla Jere, mwini sitolo ya zitsulo m'tauni ya Chipata, amenenso anali wapampando wa komiti ya makolo. Christine ankalankhula Chifalansa chosalala ngati wailesi, koma dengu ankaliona ngati masewera a ana. Tamiwe Mbewe anali wa ku Chipangali, mwana wa alimi a mtedza. Lilime lake linali lolemera, komabe popita kukatunga madzi ankamveka akung'ung'udza yekha, "le livre buku, la livre muyeso wa kulemera," ngati akuwerenga korona.

Gawo lomaliza la mayeso linali la zithunzi: pansi pa chithunzi chilichonse, lemba dzina lake ndi mutu wake. Christine anasokoneza mitu yambiri. Tamiwe sanaphonye. Atawonkhetsa malikisi onse, Tamiwe anapambana, ngakhale kuti panali pang'ono pokha.

Mmawa wake ahedi, a Paison Tembo, anaitanitsa Mayi Sakala ku ofesi.

"Khalani, amadamu. Tiyi?"

"Ndamwa kale, ahedi."

"Nkhani ndi yaing'ono. Yaing'ono ngati le ndi la." Anaseka okha. "Inenso ndinachitako Chifalansa ku koleji. Mwana akalemba le table m'malo mwa la table, kodi tebulo limasanduka mbuzi?"

"Silisanduka. N'chifukwa chake pa mawu otero ndinawakhululukira onse awiri, m'makalata awo ndi m'nkhani zawo. Pitani mukaone."

"Ndiye khululukaninso gawo lomalizali. Christine dzina analilemba bwino, mupatseni theka."

"Pa chithunzi cha mpini analemba mkono wa malaya, ahedi. Theka la mkono wa malaya si theka la mpini."

A Tembo anavula magalasi. Sanali munthu woipa, koma denga la nyumba yogona atsikana linkadontha, ndipo a Jere anali atalonjeza malata.

"Amadamu, inu ndinu wolembedwa ndi sukulu, osati ndi boma. Pangano lanu likutha Disembala."

"Ndikudziwa. Ndinalisaina ndine, ndi dzanja lomweli limene likukana lero."

Mayi Sakala anatuluka, nakalowa m'tchalitchi. Sanapemphere mawu ambiri. Anangoti, "Ambuye, ana onse awiri ndi anu, ndipo onse ndimawakonda. Koma sikelo munandipatsa ndi imodzi." Atadzuka, mantha anali akadalipo, koma anali atakhala kumbuyo.

Komiti inakumana Lachisanu masana m'kalasi yopanda ana. Panali ahedi, a Jere, makolo ena angapo, ndi Sisiteri Leticia, wochokera ku Peru, amene anakalambira pa kachipatala ka pamishonipo ndipo Chinyanja ankachilankhula ngati wobadwira ku Mtenguleni. Mayi Sakala analowa dengu lili pamutu.

"Kodi tabwera ku msonkhano kapena ku msika wa Loweruka?" anafunsa a Jere. Makolo ena anaseka.

"Ku msonkhano, bambo. Izi ndi mboni zanga."

Anatula dengu, natulutsa mpini ndi mkono wa malaya, naziika pamaso pa a Jere.

"Inu mumagulitsa makasu. Mlimi akabwera nthawi ya dzinja kuti mpini wathyoka, inu n'kumukulungira ichi," anakweza mkono wa malaya uja, "adzakupatsani theka la zikomo?"

"Musandiphunzitse malonda anga, mayi. Mwana wanga amalankhula Chifalansa kuposa sukulu yonse ino."

"N'zoona. Ndinamuphunzitsa ndine, ndipo ndimanyadira. Pa kulankhula ndinamupatsa malikisi onse amene anayenera. Pa gawo ili sanayenere."

"Tizilembo tiwiri!" A Jere anamenya tebulo, chitini cha matope n'kudumpha. "Tsogolo la mwana lithere pa tizilembo tiwiri?"

"Ana ndi awiri, bambo. Winayo bambo ake sali m'chipinda muno."

Kunja kunkamveka atsikana akuyeseza nyimbo za Lamulungu.

Ahedi anakonza kukhosi. "Mwina tiwaitane atsikanawo, tiwayesenso pano ndi dengu lanulo. Amene apambane, apambane."

Mayi Sakala anaona mmene zikanathera: Christine ataima pamaso pa bambo ake, dzanja lili lendelende pakati pa mpini ndi malaya, makolo akumuyang'ana. Anapukusa mutu.

"Ayi. Sindichititsa mwana manyazi kuti akulu tipeze pothawira. Mayeso analembedwa, ndinachonga, zatha. Mukafuna dzina lina, pezani dzanja lina."

Onse anatembenukira kwa Sisiteri Leticia. Iwo anatola mbatatesi ija naizunguza m'manja.

"A Jere, mwana wanu ndimamudziwa kuyambira pa sikelo ya ana," anatero. "Koma kumene akufuna kupitako ndi ku chipatala. M'chilankhulo changa, la cura ndi chithandizo cha wodwala, el cura ndi wansembe. Namwino akathamangira kwa sisiteri n'kunena kuti wodwala akufunika el cura, sisiteriyo atumiza munthu kukaitana abambo ndi mafuta oyera, pamene bala likudikira bandeji. Mawu otere si ochuluka, koma alipo, ndipo munthu amawaphunzira akawalemekeza. Ife mwambo wathu sitisintha: timatenga dzina limene mphunzitsi wasainira. Amadamu, mwasainira liti?"

"Tamiwe Mbewe."

"Ndiye Tamiwe akonze chikwama."

A Jere anaimirira, natenga makiyi a galimoto. Pakhomo anatembenuka. "A Tembo, za malata zija muiwale."

Ahedi anayang'ana Mayi Sakala, ndipo mayiwo anawayang'ananso osaphethira. Kenaka anayamba kubweza katundu wawo m'dengu, chimodzichimodzi, osafulumira, chithunzi cha Apapa pamwamba kuti chisade ndi matope.

Pangano lawo silinawonjezedwe. Anawauza mwaulemu kuti sukulu ilibe ndalama za Chifalansa chaka chamawa. Aphunzitsi anzawo ena anawanena kuti ndi ouma mutu, kuti atsikana adzanyowa dzinja lonse chifukwa cha iwo. Mawu amenewo anawalasa, pakuti anali ndi choonadi chake. Loweruka lotsatira anapita okha ku nyumba yogona atsikana ndi phula, nathandiza kumata mabowo a denga mmene akanathera. Koma kupepesa sanapepese.

Tsiku limene Tamiwe ankanyamuka, mayi ake anabwera kuchokera ku Chipangali ndi kathumba ka mtedza. Anagwada kuti athokoze, koma Mayi Sakala anawadzutsa msanga.

"Musandigwadire, amayi. Ine sindinamupatse kanthu. Ndinangokana kumulanda."

Atasamuka pasukulupo, anapeza kanyumba m'tauni, nayamba kuphunzitsa pakhonde aliyense wofuna. Madzulo ena dzuwa lisanalowe anamva "Odi!" pachipata. Anali Christine, maso ali pansi, m'manja muli mpini watsopano wa khasu.

"Amadamu, asisiteri akuti amene anamaliza sukulu angathe kulembanso chaka chamawa."

"Angathe. Bambo ako akudziwa kuti uli kuno?"

"Sanandilole, komanso sananditsekere chitseko. Uwu ndautenga m'sitolo. Wanu uja unayamba kufumbwa."

"Waulipira?"

"Ndaulipira, amadamu."

"Chabwino. Uli m'manja mwakowo n'chiyani?"

Christine anauyang'ana mpiniwo kanthawi, milomo ikuyenda.

"Le manche."

"Lowa, mwanawe. Tenga dengu lili kuseri kwa chitseko, uyale zonse pamkeka. Tiyambira pa matope."

Inu amene mwayenda nane mpaka pano, Mulungu wa mtendere akusungeni. Alimbitse dzanja lanu pa tsiku limene lidzafunike kukana, afewetse mtima wanu kwa amene mwawakanira, ndipo chitseko chanu chikhale chotsegukira aliyense wobwerera kudzaphunzira. Amen.