Mphika Unalowa Wokha

Tsiku losamuka ndimadana nalo, chonsecho ndi limene limandidyetsa. Ndimapezera anthu nyumba kuno ku Bucheon, m'kaofesi kopanikizika pakati pa famase ndi shopu ya nkhuku zokazinga, ndipo tsiku limeneli onse amadzandikhalira pa sofa imodzi: mwini nyumba, wotuluka ndi wolowa. Wolowa amapereka chikole chonse, chija munthu amakhalira zaka ziwiri osalipira lendi. Mwini nyumba amatenga ndalama yomweyo n'kubwezera wotuluka, wotulukayo n'kuthamanga nayo kwa mwini nyumba wake watsopano. Mmodzi akangopunthwa onse amagwa, ndipo wotukwanidwa amakhala ine.

Lachiwiri limenelo pa kalendala ya makolo yotsata mwezi linali tsiku lopanda mizimu yosokoneza, ndiye tauni yonse inali pa malole. Pa sofa panali bambo Gu, eni nyumba, nkhalamba youmira imene imapukuta magalasi ikamva nkhani ya ndalama. Panalinso mayi Seol, otuluka, amene katundu wawo anali atatsika kale pa zenera ndi galimoto ya makwerero. Olowa anali Pyeon Dong-ryul, dalaivala wa basi, ndi mkazi wake Yu-gyeong, amene amachapa zovala pa chipatala. Yu-gyeong anakhala kumapeto kwa sofa atafungatira mphika wamagetsi wophikira mpunga. Apongozi ake ndi amene anasankha tsikulo, ndipo anamuuza mobwerezabwereza kuti mphika uyambe kulowa m'nyumbamo chinthu china chilichonse chisanalowe.

Ndalama yochokera ku nyumba yakale ya a Pyeon inalowa kwa bambo Gu bwinobwino. Kunatsala gawo lomaliza la chikolecho. Ndinatembenukira kwa Dong-ryul, ndipo ndinapeza munthu ali thukuta kamukamu m'nyengo yozizira, akungodina foni yonyezimira.

Anati netiweki ikuvuta. Kenako anati banki ikuchedwa. Anatuluka panja, anabwera, anatulukanso. Mayi Seol anali atayamba kale kugwedeza mwendo, foni yawo ikungolira, chifukwa ku Suwon mwini nyumba wina ankawadikira ndi kiyi m'manja. Ine zozungulirazungulira sindizifuna. Ndinamuuza kuti aike foniyo patebulo tonse tione.

Ndalama inalipo yonse, osati ku banki, koma pa msika uja wa makoini a pa intaneti. Pansi pake panali mawu ofiira: kutulutsa ndalama kwaimitsidwa kwa maola makumi asanu ndi awiri mphambu awiri.

Nkhani inatuluka modukaduka. Dzulo lake masana anapita ku shopu ya mafoni kukasamutsa intaneti ya m'nyumba, ndipo anyamata a m'shopumo, amene angakugulitse ambulera m'chilimwe, anamuuza kuti akasaina zaka zitatu ampatsa foni yatsopano, yakaleyo asiye. Anasiya. Pofuna kulowa pa msika uja ndi foni yatsopano, anapeza kuti pasiwedi anaiwala kalekale, poti zaka zonsezi ankangoika chala. Anasintha pasiwedi, analowa, anagulitsa makoini onse, n'kuona ndalama ili mbwee. Chenjezo limene linatuluka pamenepo analidumpha osawerenga, ngati tonsefe timachitira. Anati atulutsa m'mawa.

Yu-gyeong sanakweze mawu.

"Bambo a Ha-on, si paja munati munatulutsa mwezi watha?"

"Ndimati ndidikire pang'ono, mayi a Ha-on. Zimakwera."

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa, ndinalakalaka kumugenda ndi sitampa ya ofesi. Ndalama yogwirira nyumbayo, gawo limodzi mwa magawo khumi, anapereka miyezi iwiri yapitayo, ndipo ndinkadziwa kumene inachokera. Inachokera m'manja mwa Yu-gyeong, manja osupuka ndi mankhwala ochapira. Pangano limanena poyera kuti wolowa akalephera kumaliza, ndalama imeneyo imapita kwa mwini nyumba. Bambo Gu anali atayamba kale kupukuta magalasi.

Tinaimbira kampani ya msikawo, foni ili patebulo kuti tonse timve. Tinamvera kanyimbo kawo mpaka kanatikwana. Panja dalaivala wa lole ya a Pyeon ankaliza hutala, kenako anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati firiji aziitsitsa pamsewu kapena aitengere kwawo, poti mkazi wake amaifuna yoteroyo. Palibe anaseka. Mtsikana wa ku kampani atayankha, Dong-ryul anaimirira n'kumawerama ngati akumuona. Anatchula dzina, tsiku lobadwa, anati atumiza chithunzi atagwira chiphaso, anati akwera sitima apite yekha ku ofesi yawo ku Seoul. Mtsikanayo anapepesa mwaulemu wonse, nati chiletsocho chimadziika chokha pasiwedi ikasinthidwa pa foni yachilendo, ndipo iye alibe mphamvu yochichotsa. Kugula ndi kugulitsa angathe, koma kutulutsa ayi, kaya ndalama kupita ku banki, kaya makoini kupita kwa munthu wina, mpaka Lachinayi masana. Anawonjezera kuti asayerekeze kusinthanso pasiwedi kapena kulowera pa foni ina, chifukwa maolawo angayambirenso.

"Koma ndine ndemwe, achemwali. Ndalamazo n'zanga. Katundu ali pa lole."

"Ndikumva, bambo. Koma amene waba akaunti ya munthu amanenanso zomwezo, ndipo nayenso amakhala pa changu."

Mayi Seol anaphulika. Anati iwo makoini sawadziwa, sanagulepo, nanga n'chifukwa chiyani ana awo agone pa lole chifukwa cha njuga ya mwamuna wa eni ake? Anatembenukira kwa bambo Gu n'kuwauza kuti chikole chawo akuchifuna lero, ndipo kumene achitenge si nkhani yawo. Bambo Gu anatembenukira kwa ine. Nthawi zonse zimathera kwa ine.

Ndinawakokera achikulirewo kuseri, pafupi ndi ketulo. Ankanong'ona kuti pangano ndi pangano. Ndinawauza kuti zoona, koma ngakhale alande ndalama yogwirira ija, mayi Seol ayenera kulipidwa lero lomwe, ndipo nyumba yoyang'ana kumpoto ngati yawoyo inanditengera miyezi kuti ndiipezere munthu. Ndinawakumbutsa za akaunti yawo ya ngongole ku banki, imene amaibisa ngati matenda. Anatukwana makoini, anatukwana achinyamata, anatukwana boma, kenako anavomera. Abwereka yoperewerayo, chiwongoladzanja alipira a Pyeon. Koma nambala yotsegulira loko wa pachitseko sapereka mpaka ndalama yonse italowa, ndipo Lachinayi dzuwa likalowa isanafike, yogwirira ija yapita.

Mayi Seol analandira zawo n'kutuluka osatsanzika. Katundu wa a Pyeon anayenera kukagona ku malo osungitsa, ndalama inanso imeneyo, ndipo banjalo likagona masiku awiri pa mphasa za ku bafa ya anthu onse, kumene kuno munthu amalipira pang'ono n'kugona usiku. Apongozi anaimba, mosakayika kuti afunse ngati mphika walowa. Yu-gyeong anaiyang'ana foni yake mpaka inasiya kulira.

Ndinkalemba zimene tagwirizanazo pansi pa pangano pamene ndinaona kuti Dong-ryul wayambanso kudinadina. Nkhope yake sinandisangalatse. Mantha aja anali atamuchoka, maso ali pa foni. Pa foniyo panali timizere tofiira ndi tabuluu, tikukwera, tikutsika. Yu-gyeong anali ataona kale.

"Mukuona chiyani?"

"Palibe. Kungoti... taonani kakoini aka, mayi a Ha-on. Kakwera chikhalire ife pano. Ndalamayi ingokhala chabe mpaka Lachinayi. Nditaikako theka lokha, za lole ndi chiwongoladzanja zija zibwerera zokha."

Ndakhala pa ntchitoyi zaka zambiri, ndaona anthu akumenyana pa sofa imeneyi, koma apa ndinachita mantha. Chiletso chija chinatseka khomo lotulukira lokha. Lolowera ku njuga linali pululu, masiku awiri athunthu, munthu alibe chochita pa mphasa, nyumba yonse ili pansi pa chala chake.

Yu-gyeong anatambasula dzanja. Mwamunayo anaseka pang'ono, nati amangocheza. Dzanjalo silinabwerere. Anapereka. Mkaziyo anazimitsa foniyo, anatsegula mphika, momwe munali mpunga wosaphika monga mwa mwambo, anaikwirira mumpungamo n'kutseka chivindikiro. Kenako anawerama kwa bambo Gu.

"Achikulire, ife sitilowa, tamva. Koma lero ndi tsiku labwino. Lolani mphika wokha ulowe. Mutseke nokha, nambala musatiuze."

Mwambo umalola zimenezo, mphika ukagona m'nyumba ndiye kuti mwasamuka, ndipo bambo Gu, ngakhale ndi oumira, za mizimu sachita nazo masewera. Tinakwera tonse ku nyumbayo, imene ili pafupi ndi ofesi. Yu-gyeong anavula nsapato, anaika mphikawo pakati pa chipinda chopanda kanthu, anatuluka. Bambo Gu anasintha nambala atatifulatira. Dong-ryul anaima pa masitepe, manja akungolowa ndi kutuluka m'matumba. Anafunsa kuti nanga ku ntchito akamufuna amupeza bwanji, ndipo mkazi wake anamuyankha kuti basi ilibe pasiwedi.

Masiku awiriwo nanenso sindinakhazikike. Lachitatu ndinamuona Dong-ryul akudutsa pa ofesi kawiri, akuyang'ana m'mwamba ku zenera la nyumbayo.

Lachinayi masana tinakatenga mphika n'kubwera nawo ku ofesi. Foni inatuluka ili mbuu ndi fumbi la mpunga. Mawu ofiira aja anali atachoka. Yu-gyeong anaimirira kumbuyo kwa mwamuna wake mpaka ndalama inachoka pa msika kupita ku banki, kuchoka ku banki kupita kwa bambo Gu. Foni ya achikulirewo italira, onse tinapumira m'mwamba. Kaya kakoini kaja kanakwera kaya kanagwa, palibe anafunsa. Dong-ryul anayamba kuseka, nati tiitanitse zakudya, agula ndi iye.

Ndinali nditatenga sitampa pamene Yu-gyeong anandigwira mkono.

"Abwana, zaka ziwiri zikatha, chikolechi adzabwezera ndani?"

Ndinamuuza kuti amene dzina lake lili pa pangano. Dzinalo linali la mwamuna wake, monga zimakhalira nthawi zambiri. Anafunsa ngati lingasinthidwe, ndipo ndinati eni nyumba ndi mwini dzinalo akavomera, ndilemba pangano lina pompano. Bambo Gu anati iwo alibe nazo kanthu, bola ndalama yalowa.

"Mayi a Ha-on, mpaka pamenepo? Si zatha bwino izi?"

"Zatha bwino chifukwa eni msika anakutsekerani khomo limodzi, ine n'kutseka linalo. Zaka ziwiri zikubwerazi adzatitsekere ndani?"

Dong-ryul anayang'ana kwa ine, mwina ankati ndimuthandiza. Ine ndinali nditayatsa kale makina osindikizira. Anatulutsa kachidindo ka dzina lake m'thumba, anakagwira kanthawi, kenako anadinda povomereza. Yu-gyeong anadinda pa malo a wolowa, ananyamula mphika wake, n'kupempha bambo Gu kuti nambala ya pachitseko amuuze iyeyo.