Malo Amodzi pa Mzere Wokhota

Oyesa aphunzitsi anakhala kumbuyo kwa kalasi, cholembera chili m'manja, nkhope ngati amwa mankhwala owawa. Kutsogolo kunali mphunzitsi wophunzira ntchito, amene ankadziwa kuti akalephera phunziro la leroli, satifiketi ya uphunzitsi aiwale.

Anajambula pa bolodi mzere wokhota wa y = x², nalemba kuti derivetivi yake, yoonetsa kutsetsereka kwa mzerewo, ndi 2x, monga mwa lamulo limene analoweza. Kenaka anati pamalo pamene x ndi 1, kutsetsereka kwa mzerewo ndi 2.

Mtsikana wina wakutsogolo, amene anzake ankamutcha Kafunsa, anakweza mkono.

"Madamu, munatiuza kuti kutsetsereka timakupeza ndi malo awiri. Apa pali malo amodzi. Ndiye 2 ameneyu wachokera kuti?"

Mphunzitsiyo anachita mantha enieni, poti lamuloli analiloweza ngati nyimbo, osafunsapo kumene linachokera. Kumbuyo kuja cholembera chinayamba kuyenda.

"Chabwino," anatero mphunzitsiyo. "Tibwereke malo achiwiri."

Anatenga rula yaikulu ya pa bolodi, naigoneka kuchokera pamene x ndi 1 kufika pamene x ndi 3. Pamenepo y amachoka pa 1 kufika pa 9: kukwera 8 poyenda 2, kutsetsereka 4. Anasuntha malo achiwiriwo kufika pa 2, kunatuluka 3. Anawasendezanso pa 1.1, kunatuluka 2.1. Rula ija inkapendekeka pang'onopang'ono mpaka inangotsamira pa mzere wokhotawo pamalo amodzi aja, kuloza kumene mzerewo ukulowera. Nayenso mphunzitsiyo ankaziona koyamba.

"Mukuona? Malo awiriwa akamayandikana, manambala akulunjika pa 2. Mzere woongoka wotsamirawu ndi tanjenti, ndipo kutsetsereka kwake ndiye derivetivi."

Oyesa aja anaimirira, mpando nkulira.

"Madamu, khalani pansi. Iwe wafunsawe, bwera. Tipezere pamene x ndi 3, osagwiritsa ntchito lamulo."

Mphunzitsiyo anakhala pa desiki ya mwanayo, mawondo akugunda thabwa poti inali yaing'ono. Satifiketi yake tsopano inali m'manja mwa mwana wa eni.

Kafunsa anaika malo achiwiri pa 4, napeza 7, nkutembenuka kuti anene yankho. Mphunzitsiyo anangoyang'ana pansi, lilime ataliluma kuti asamuthandize. Mtsikanayo anaima, nayang'ananso rula ija: inali ikudula mzere pamalo awiri, osati kungotsamira. Anafufuta 4, nalemba 3.1. Anachulukitsa mochedwa kwambiri, milomo ikuyenda: 9.61, kuchotsa 9, kugawa ndi 0.1.

"Ndapeza 6.1. Koma si yankho ayi, bwana. Ndikawasendeza kwambiri, zikupita pa 6."

"Wakuuza ndani?"

Kafunsa analoza mphunzitsi wake ndi rula.

Oyesa aja anatseka cholembera. Potuluka anaima pa desiki paja, nanena motsitsa mawu:

"Madamu, imirirani. Mpando umenewo ndi wa ana, malo anu ndi kutsogolo uko."